Moto umapita kwatsala tchire

Akuluakulu akanena kuti moto umapita kwatsala tchire amatanthauza kuti vuto silikhala pomwe layambira, limatsata amene sanakonzeke. Ambiri amamva mwambiwu ngati chenjezo kwa munthu amene sanalambule pake. Koma ukauganizira bwino, ukulankhula kwambiri kwa amene wagwira machesi. Ngati aliyense akudziwa kuti moto umatsata udzu wouma osati malire a munda, ndiye kuti woyatsa sanganene kuti zamudzidzimutsa motowo ukalowa kwa mnzake.

Pachilumba cha Likoma nkhaniyi ndi yosavuta kuiona. Chilumbachi ndi cha masikweya kilomita 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 14,000 m'boma lonse, kuphatikizapo Chizumulu. Minda ndi ing'onoing'ono, yogundana, ili pakati pa miyala ndi milambe, ndipo nyumba sizili patali ndi minda. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kumawomba mwera, ndipo pofika Okutobala udzu umakhala utauma gwaa. Tiyerekeze munthu wasosa munda wake m'munsi mwa kaphiri, waunjika zinyalala pafupi ndi malire, nayatsa masana dzuwa lili paliwombo, kenako wapita kunyanja. Mphepo inyamula tsamba loyaka nkuliponya pa udzu wa m'malire. Popeza moto umathamanga kwambiri pokwera mtunda, chifukwa malawi amayamba awawula udzu umene uli kumtunda kwake, posakhalitsa wafika m'munda wa chinangwa wa mnansi.

Chimene chapsa pamenepo si udzu wokha. Chinangwa chimakhala m'munda chilimwe chonse, ndipo mitengo yake ndiyo mbewu yodzala mvula ikagwa. Khungwa likawauka, mtengowo sumaphukanso bwino, choncho banja lataya kondowole wa chaka chino ndi mbewu ya chaka chamawa. Motowo ukapitirira kufika pakhomo, upeza udzu wofolera, matandala a usipa ndi ukonde wa chilimira, umene umasungunuka ukangokhudzidwa ndi lawi. Galimoto yozimitsa moto ya ku Mzuzu singawoloke nyanja. Chodalira ndi ndowa, mchenga ndi nthambi zaziwisi.

Wina anganene kuti, “Ine ndidayatsa pamalo panga, idalakwa ndi mphepo.” Yankho ndi lakuti mwera si mlendo pa Likoma. Msodzi aliyense amayang'ana nyanja asanakankhe bwato, ndipo woyatsa moto ayenera kuyang'ana mphepo chimodzimodzi. Njira yake ndi yodziwika. Uyambe walambula ndi khasu mzere wa mamita ngati atatu kuzungulira malo otenthawo, mpaka dothi lionekere. Zinyalala uziunjike timilu ting'onoting'ono pakati pa munda. Uyatse m'mawa kwambiri kapena madzulo mphepo itagona, kuyambira mbali imene mphepo ikulowera kuti moto uziyenda pang'onopang'ono molimbana nayo. Mnansi umuuze tsiku, ndipo usachoke mpaka utatakasa phulusa ndi kuthirapo madzi, chifukwa khala lobisala pansi pa phulusa limatha kugona usiku wonse nkudzuka mphepo ikayamba. Amene walumpha zonsezi sangaloze mphepo. Ndiponso lupsa silinama: limakhala lopyapyala pomwe moto udayambira nkumatambasuka kumene mphepo idalowera, motero nyakwawa ikalondola phulusa imafika pa mulu wa mwini moto.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kolemerako. Amati mwambi womwewu ukudzudzula mnansi: akadalambula m'malire mwake, moto ukadapeza chakudya kuti? Zoonadi, wosiya tchire pafupi ndi nkhokwe wadziika yekha pangozi, ndipo pokambirana za chipukuta misozi mfundo imeneyi ingamveke. Koma tchire silidziyatsa lokha. Udzu umene wina akuutcha tchire mwina mwini wake akuusungira denga, poti pachilumba chochepa chotere udzu ndi nkhuni n'zosowa. Mwinanso mwini wake ndi gogo amene mphamvu zolimira zidatha. Kusalambula ndi kufooka, pamene kuyatsa ndi chochita cha munthu amene wasankha yekha tsiku, ola ndi malo. N'chifukwa chake ngakhale malamulo a dziko amaona kusasamala ndi moto ngati mlandu, osati kutentha mwadala kokha.

Tanthauzo la mwambiwu tsono lili pawiri, koma kulemera kwake sikofanana. Kwa mwini tchire ukuti lambula, pakuti moto sufunsa dzina. Kwa woyatsa ukuti wadziwiratu kumene moto wako ulowere, choncho chimene upsereze kumeneko ndi ngongole yako. Musanakhwatche machesi, yendani m'malire muone chimene chili kutsidya kwake.