Mdadada wa lendi umasamalidwa potsata mvula

Mwanangu, poti mdadada wa zipinda zisanu ndi zitatu uja uli m'manja mwako tsopano, chaka chako cha zokonzakonza uzichiyambira mu Januwale, mvula ili pachimake. Imeneyo si nthawi yokwera padenga, ndi nthawi yoona. Mvula ikugwa, odira chitseko chilichonse, ulowe ndi choko, ulembe pa phaso paliponse pamene pakudontha, chifukwa kukauma sudzapazindikiranso. Uzungulirenso kuseri, uone pamene madzi otsika padenga akudikha m'tsinde mwa khoma.

Mu Meyi, nthaka ikayamba kuuma, yamba ndi khomalo. Gogoda pulasitala wam'munsi: amene akumveka kuti m'kati muli mphako wasiyana ndi njerwa, ameneyo achotsedwe, apakenso wina. Konza ngalande kuti madzi azipita kutali ndi maziko. Ukaona mng'alu, umatepo simenti yopyapyala, ulembe deti pambali. Ikang'alukanso pakapita miyezi ingapo, ndiye kuti maziko akusuntha, itana bilidala. Timizere tadothi tokwera khoma ndi chiswe, ndipo chikulondola mitengo ya denga.

Dengalo ndi la Ogasiti kapena Seputembala, ndipo apa ndiye usachite ulesi. Mu Novembala aliyense amakhala akusaka kalipentala, iyenso amatchula mtengo wakumtima kwake. Mmisiri atsate choko chako chija. Misomali yosukusa aizule, akhome yatsopano pamsana pa lata, osati mumkwasa moyenda madzi. Msomali ukamangolowa osagwira, phaso lafumbwa, ndipo kumata phula pamwamba n'kudzinamiza, phasolo lisinthidwe. Kumbukira kuti mdadada denga lake ndi limodzi. Mphepo yobwera ndi mvula yoyamba ikapeza lata limodzi lomasuka kumapeto, ikhoza kusasula mzere wonse, mabanja asanu ndi atatu n'kugona panja usiku umodzi, katundu wawo atanyowa. Alendiwo uwauze kutatsala sabata kuti ntchito iyambe, kuti afunditse katundu.

Mu Okutobala pisa nsungwi m'chimbudzi. Pakatsala mita imodzi kuti zam'dzenje zifike pa silabu, yamba kukambirana ndi opopa. Pakatsala theka la mita, dzenjelo ladzaza. Madzi a mvula akalowamo limasefukira, mwinanso kugumuka, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe kolera amavuta.

Zonsezi zimalira ndalama yosungiratu. Tiyerekeze kuti chipinda ndi K40,000 pamwezi, zonse pamodzi K320,000. Patula gawo limodzi mwa magawo khumi, K32,000, tsiku lomwe walandira lendi, uike ku akaunti yakeyake yosakhudzana ndi fizi kapena feteleza. Kuyambira Januwale kufika Ogasiti imakwana K256,000. Khoma la mu Meyi lidyeko pang'ono chabe, yambiri idikire denga, ndipo ya Seputembala ndi Okutobala ikhale ya chimbudzi.