Kodi Kalata ya Malire Inyoza Cibale?

Pakati pa Acewa a Cigawo ca Kum'mawa, munda wa makolo uli m'manja mwa mafumu, ndipo lamulo la Boma la 1989 logawa cuma camasiye silikhudza nthaka yotere. Cifukwa cace abale akakangana za malire, ayamba apita kwa mwini mbumba ndi kwa nyakwawa. Koma akulu akaweruza, wina napempha kuti mau alembedwe, mnzace adandaula nati, Kodi mundiyesa wakuba?

Funsoli liyenera kuyesedwa ndi mlandu. Akazi awiri apacibale analandira munda wa amao, wogawidwa pakati. Malire anacokera pa culu kufikira pa mtengo wa msuku. Anthu anadula mtengowo nauocha makala. Mwamuna wa wamkuluyo, polima ndi ng'ombe, analowerera mzere umodzi caka ndi caka, ndipo zitapita zaka 8 wamng'onoyo anapeza kuti mizere 8 yamcokera.

Akulu sanaweruzire pabwalo pokha. Anapita kumunda pamodzi ndi eni minda yoyandikana, ndi nkhalamba imene inaona kugawa koyamba. Anakumba napeza citsa ca msuku, natambasula cingwe kucokera pa culu, ndipo kulakwa kunaoneka poyera. Cimanga ca pa mizere 8 ija anacisiyira wobzala kufikira masika, pakuti thukuta linali lace. Nthaka yokha inabwerera kwa mwini wace. Pamalire anaokapo khonje.

Pamenepo mlembi analemba tsiku, maina, zizindikiro ziwirizo, ndi mapazi 120 a pakati pace. Anawerenga mokweza pamaso pa onse. Alongo ao ndi mboni anasaina kapena kudinda cala. Makalata anali atatu: imodzi kwa mkazi ali yense, yacitatu kwa nyakwawa.

Tsono kalatayo itsutsa yani? Siitsutsa amoyo, pakuti iwo amvana kale. Ilembedwera adzukulu amene sadzaiona nkhalamba ija. Msuku unagwa, mboni nazonso zidzagona. Wokana kulemba asiyira ana ace ndeu imene iye mwini anapulumukamo. Ngakhale mneneri Yeremiya, pogula munda wa ku Anatoti kwa mbale wace, analemba kalata pamaso pa mboni, naisungitsa m'mbiya kuti ikhale masiku ambiri.

Komabe pepala liri ndi malire ace. Siliri cikalata ca umwini cocokera ku Boma. Lingocitira umboni zimene anapangana. Mbale amene sanaitanidwe, kaya ali ku migodi kaya ku Lusaka, akhoza kubwera nautsanso mlandu, cifukwa cace ayenera kumvedwa cala cisanadindidwe. Ndipo ngati akulu anakondera, inki siiyeretsa ciweruzo cao, ingocilimbitsa. Cilungamo citsogole kumunda, kalata itsate pambuyo. Pamenepo cibale sicinyozedwa, koma cisungidwira iwo amene sanabadwe.