Ukaipa dziwa nyimbo

Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Mwambi umenewu anthu amaunena pofuna kulimbitsa mtima munthu amene chilengedwe chinam'mana zina: ngati nkhope siikuitanira anthu, phunzira luso loti akufunire. Koma ine umandikumbutsanso munthu winayo, wokongola uja. Iye akadziwa nyimbo amapindulanji? Anthu anali kale pakhomo pake. Nyimboyo ingowonjezera pang'ono pa zimene anali nazo, pamene kwa mnzake uja nyimboyo ndi chuma chake chonse. N'chifukwa chake amene amagona usiku akuyeseza mawu kawirikawiri ndi wosakongolayo.

Nzeru yomweyi inafika m'maphunziro a zachuma mu 1962, pamene Kenneth Arrow, katswiri wa ku America, anafunsa kuti: pakapezeka njira yatsopano yochepetsera ndalama zopangira katundu, imapindulira kwambiri yani, wamalonda amene ali yekha pamsika kapena amene akulimbirana makasitomala ndi anzake? Ambiri timathamangira kunena kuti ndi amene ali yekhayo, poti palibe wom'landa phindu. Arrow anaonetsa kuti si choncho, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino tikaima pakhomo pa chigayo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti nkhaniyi imveke. Pamudzi wina kuno ku Santhe, kugaya ndowa imodzi ya chimanga kumadya K600, kuphatikiza dizilo, malamba, malipiro a mnyamata wothira chimanga ndi kachakudya ka mwini chigayo. Pa mtengo wa K600 anthu amabweretsa ndowa 200 pa tsiku. Mtengo ukakwera ndi K100, ndowa 25 zimasowa, chifukwa amayi ena amabwerera ku mtondo, ena amakweza thumba panjinga kupita kutali.

Ngati chigayo chili chimodzi chokha, mwini wake sangagayitse pa K600. Amakweza mpaka K1,000, pamene pamabwera ndowa 100, iliyonse ikumusiyira K400. Pa tsiku amatsala ndi K40,000. Akati akweze kufika K1,100 kapena atsitse kufika K900, phindu limatsika kufika K37,500, ndiye amakhala pomwepo. Ngati zigayo zili zisanu moyandikana, palibe amene angayerekeze kukweza, poti mayi wosenza ndowa angodutsa kupita pa chigayo chinacho. Mtengo umakhala K600, ndowa zonse 200 zimagayidwa, ndipo aliyense amangopeza zobweza zimene waononga.

Tsopano mmisiri wina wapeza kasulidwe katsopano ka nyundo za m'chigayo ndi sefa yake, moti dizilo akupita wochepa ndipo ndowa ikudya K400 yokha. Mwini chigayo chimodzi uja akagula lusoli, mtengo wom'komera umakhala K900. Pamabwera ndowa 125, iliyonse ikumusiyira K500, zonse pamodzi K62,500. Zikuoneka zambiri, koma dzulo anali kale ndi K40,000. Chimene luso latsopanoli lamubweretsera ndi K22,500 basi, chifukwa phindu latsopano langokhala pamalo pa phindu lakale, ngati munthu wogwetsa nyumba yabwinobwino kuti amange ina yokulirapo.

Pa zigayo zisanu paja zinthu zimayenda mwina. Amene wapeza lusoli amatsitsa mtengo pang'ono chabe pansi pa K600, ndipo anzake sangamutsatire chifukwa angayambe kuluza. Ndowa zonse 200 zimabwera kwa iye, kapena amabwereketsa lusolo kwa anzakewo n'kumatolera K200 pa ndowa iliyonse. Zonsezi zimamupatsa pafupifupi K40,000 pa tsiku, ndipo dzulo analibe kanthu koti tichotserepo. Iyeyu angalipire mmisiri uja ndalama zambiri kuposa mwini chigayo chimodzi. Palinso china: wokhala yekha pamsika amagaya ndowa zochepa mwadala kuti mtengo ukhale wokwera, motero K200 yopulumutsidwayo imagwera pa ndowa zochepa.

Koma mwambi uli ndi malire ake, ndipo kuno kwathu malirewo timawaona chaka chilichonse. Kuwerengera konseku kwatsamira pa chinthu chimodzi, choti nyimboyo ndi yako wekha. Ngati mawa mnyamata wa pa chigayo china asuzumira, n'kupita kwa wowotcherera zitsulo kukasulitsa nyundo zomwezo, zigayo zonse zimatsikira pa K400 ndipo woyambitsa uja amabwerera pomwe anali. Opindula ndi amayi ogayitsa, zimene ndi zabwino, koma mmisiri wotsatira adzaganiza kawiri asanataye miyezi akuyesa zitsulo. Patenti, chilolezo cha boma choletsa ena kukopera luso kwa zaka zingapo, inakhazikitsidwira vuto limeneli, ngakhale pa mudzi palibe amene angaitsatire. Ndiponso ngati injini ya woyambitsa uja singathe kugaya zoposa ndowa 40 zimene ankagaya kale, phindu lake ndi K8,000 yokha, lochepa kuposa la mwini chigayo chimodzi.

Mlimi wa fodya wa fuluu ali pamenepa. Ndaonapo munthu akudzuka pakati pa usiku kusonkhezera moto wa balani, maso ofiira ndi utsi, mulu wa nkhuni umene analipira ngolo zingapo ukutha masamba asanaume mitsitsi. Mabalani a roketi, amene anayamba kuyesedwa m'Malawi muno m'zaka za m'ma 2000, amatentha nkhuni zochepa kwambiri poyerekeza ndi akale chifukwa cha mmene ng'anjo ndi njira za utsi zinamangidwira. Mlimi womanga balani lotere amapulumutsa nkhuni pa mabelo ake okha. Sangalande msika wa Chinkhoma potsitsa mtengo, poti mtengo samaika ndiye, ndipo sangalipiritse mnansi wake wobwera kudzaona kamangidwe. Mpikisano umamukankha kuti atengere luso likafika, koma sum'patsa ndalama kapena chifukwa chokwanira choti alifufuze yekha. N'zosadabwitsa kuti ntchito yoyesa ndi kufalitsa mabalani amenewa inagwiridwa ndi mabungwe a chitukuko ndi makampani ogula fodya, amene amawerengera nkhuni za alimi zikwizikwi nthawi imodzi. Katswiri wina wa zachuma, Joseph Schumpeter, anatsindika mbali imeneyi mu 1942, kuti wamalonda wamkulu ndiye amakhala ndi thumba lolipirira zoyesayesa zimene zambiri zimalephera.

Ndipo wokongola uja naye amaphunzira nyimbo tsiku limene wamva kuti kukubwera woimba. Bwererani kwa mwini chigayo chimodzi. Amve kuti mmisiri uja akukambirana ndi munthu wina wofuna kumanga chigayo tsidya la msewu. Mlendoyo akagula lusolo adzagayitsa pansi pa K600, ndipo K40,000 ya mwini wakale idzatheratu. Apa sakuyerekezanso K62,500 ndi K40,000 ayi, akuyerekeza K62,500 ndi manja opanda kanthu. Angalipire mmisiri kuposa mlendo amene akuyembekeza K40,000 yokha. Akatswiri a zachuma Richard Gilbert ndi David Newbery analongosola zimenezi mu 1982. Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti pogula lusolo mwanjira imeneyi, mwini chigayo amakhala watsekanso khomo. Mayi wosenza ndowa adzalipira K900 m'malo mwa K1,000, pamene chigayo cha tsidya la msewu chikanamugayira pang'ono pansi pa K600.