Mau Amene Ndinafufuta

Tsiku lina Lacitatu madzulo, ndili m'minibasi yocokera m'tauni kupita ku Matero, ndinajambula voisi noti ya masekondi 47. Inali ya mlongo wanga wamkulu. Ndinamuuza kuti mng'ono wathu anacotsedwa nchito mwezi wapitawo, koma m'mawa ulionse anali kuvalabe yunifomu n'kucoka panyumba kuti mkazi wake asadziwe. Ndinakambanso za K1,500 imene anatenga ku kaloba. Kondakita anali kufuna ndalama, dzanja limodzi linali m'thumba, ndipo cala canga cinagwera pa dzina lolakwika. Mau aja anapita kwa msuweni wathu.

Ndinazindikira patapita mphindi zinayi. Ndinasindikiza uthengawo msanga n'kusankha "Delete for everyone". Mtima unakhala pansi pang'ono. Koma ndisanafufute ndinali nditaona kanthu kamodzi kamene sindinafune kukaganizira: kamaikolofoni ka pambali pa uthengawo kanali katasanduka kale ka buluu. Pa WhatsApp izi zitanthauza kuti munthu watsegula mauwo ndi kuwaliza.

Tiyambe ndi zimene batani lija limacita. Linabwera mu 2017, ndipo poyamba munthu anali ndi mphindi zisanu ndi ziwiri cabe. Masiku ano nthawi yake ndi pafupifupi masiku awiri. Ukafufuta, foni yako imatumiza lamulo ku foni ya mnzako kuti icotse uthengawo m'maceza anu, ndipo pamatsala cipsera colembedwa kuti "This message was deleted". Lamulo limeneli likalephera kugwira nchito, palibe amene amakuuza. Komanso limafika pa kope limodzi cabe, limene unatumiza iwe. Ngati mnzako wapereka kale mauwo kwa wina ndi "Forward", kope lacokali ndi uthenga watsopano, wake, ndipo iwe ulibe mphamvu pa ilo. Cithunzi naco cimodzimodzi: sikirinishoti siifufutika kucokera kwa iwe, ndipo pa iPhone cithunzi cimene cinalowa kale mu Photos cikhoza kukhalabe momwemo. Ngati ufuna kudziwa pamene waima, yang'ana mtundu wa kamaikolofoni kapena tsegula "Info" usanafufute, cifukwa ukafufuta umboni umenewo umapita nao limodzi.

Usiku umenewo msuweni ananditumira uthenga: "Asuweni, mwafufuta ciani? Ine sindinamve, ndinali kuphika." Ndinayankha kuti, "Palibe, ndinasokoneza cabe." Tonse awiri tinanama, ndipo aliyense anadziwa kuti mnzake wanama. Kwathu bodza lotere timaliona ngati ulemu. Mlendo akaona cimene sanayenere kuona m'nyumba ya eni, amayang'ana kumbali. Ndinagona ndikudziuza kuti nkhani yatha.

Sinathe, ndipo funso limene linandisowetsa tulo ndi ili: mau aja anali a ndani? Pakamwa panali panga. Foni imene anagweramo inali ya msuweni. Koma manyazi amene anali mkati mwake anali a mng'ono wanga, amene sanajambule kanthu, sanatumize kanthu, ndipo sanadziwe n'komwe kuti cinsinsi cake cayenda. Pamene ndinali kufufuta, ndinali kuganiza za ine: kuti ndisaoneke wamiseche. Batani lija limateteza nkhope ya wotumiza. Mwini nkhani silimudziwa.

Wina angakambe kuti, nanga ngati msuweni anasungadi cinsinsi, n'cifukwa ciani ndivutitse mng'ono wanga ndi nkhani imene mwina siidzamveka? Ganizo limeneli lili ndi mphamvu, ndipo ndinalikumbatira masiku atatu. Munthu amene ali kale ndi kaloba pakhosi safuna katundu wina. Koma ndinaona kuti kukhala cete kwanga kunali kumulanda cinthu cimodzi cimene cinamutsalira: mpata wouza mkazi wake ndi pakamwa pake, ena asanamuuze. Ine ndinali kucita njuga ndi banja la wina, mwini wake osadziwa kuti makhadi ali patebulo.

Loweruka ndinapita kwa msuweni. Sindinamufunse ngati anamva, cifukwa funso limenelo likanamukakamiza kunamanso. Ndinati, "Asuweni, ndidziwa kuti munamva. Colakwa ndi canga. Ndifuna kudziwa cabe ngati mauwo ali kwina." Anakhala cete, kenaka anandionetsa foni. Anali atawatumiza ku nambala yake ina mphindi yomweyo atangowamva. Sanapatse munthu aliyense. Nditamufunsa cifukwa cake anati, "Sindidziwa. Ndinangoona kuti mudzafufuta."

Yankho limeneli ndaliganizira kwambiri, cifukwa ine ndemwe ndinacitapo zotere. Timasunga cinthu cifukwa ticiona kuti cili pafupi kucotsedwa, ngati munthu wotola ndalama pamseu mwini wake asanaceuke. Koma cinthu cogwera m'manja mwako mwangozi sicikhala cako. Mukalandira mobailo mane imene munthu watumiza ku nambala yolakwika, mudziwa bwino kuti kuidya ndi kuba, ngakhale kuti simunaipemphe. Mau ndi cithunzi n'zovuta koposa ndalama, pakuti ungabweze koma n'kutsalanso nazo. Kumva sikunali kulakwa kwa msuweni, popeza khutu lilibe citseko. Kusunga ndiko kunali kusankha kwake. Kope limenelo ndi mpeni m'kabati: lero mumakondana, koma tsiku lina mudzakangana pa maliro kapena pa nkhani ya puloti, ndipo dzanja lidzakumbukira pamene mpeni uli.

Sindikamba kuti kusunga n'kolakwa nthawi zonse. Ngati uthenga wosocera uonetsa kuti wina afuna kuvulaza munthu, kapena wamkulu akunyengerera mwana wasukulu, sungani ndipo mupite nao kwa amene angathandize. Pamenepo mukusungira munthu amene ali pangozi. Muyeso wake ndi umenewu: kope ili ndikusungira ndani? Ngati yankho ndi lakuti "ine, mwina lidzandithandiza", ndiye kuti mwasunga cida.

Msuweni anafufuta kope lija ine ndikuona. Kunena zoona, kuona kwangako sikunatsimikizire kanthu, cifukwa akanatha kukhala ndi lina. Apa ndi pamene foni imalekezera. Cotsala ndi kukhulupirira munthu, monga mmene makolo athu anali kucitira kalata ikatsegulidwa ndi munthu wolakwika.

Madzulo ake ndinapeza mng'ono wanga atakhala pa kantemba ka pafupi ndi kwao. Ndinamuuza zonse, ndi masekondi 47 omwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Akulu, ndinauza inu cifukwa ndinaona ngati ndinu nokha." Apa m'pamene ndinaona cimene ndinali kubisa ngakhale kwa ine mwini. Colakwa canga sicinayambe pamene cala cinaterereka. Cinayamba pamene ndinasindikiza kamaikolofoni, pakuti ngakhale mlongo wathu sanali woti amve popanda cilolezo ca mwini wake. Ngozi ija inangoulula cimene ndinacita dala.

Anauza mkazi wake usiku womwewo. Zimene anakambirana ndi zao, ndipo nkhani ino ndailemba iye atavomera. Ine sanandilankhule milungu iwiri. Akulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo n'zoona. Koma wotaya madziwo angathe kuuza mwini nyumba kuti pansi panyowa, asanaterereke mumdima.

M'maceza anga ndi msuweni cipsera cija cikalipo: "You deleted this message". Ndikhoza kucicotsa, koma ndacisiya.