Kodi Mbeta Ili ndi Mlandu kwa Abale Ake?

M'midzi yambiri, mwana wamkazi akakula msinkhu, anthu amayamba kuwerenga zaka. Chikapita chaka chimodzi amangoyang'ana, zikapita zisanu amayamba kunong'onezana kuchitsime, ndipo zikapita khumi amamfunsa pamaso kuti, “Kodi tidzadya liti zako?” Mwamuna wosakwatira nayenso sapuma, pakuti ngakhale atamera imvi, ena amamuyesabe mnyamata wa m'mphala. Alipo anthu amene amakhala paumbeta chifukwa chosowa wowafunsira kapena wowalola. Koma aliponso ena amene amachita kusankha okha kukhala osakwatira. Funso la nkhani ino lili pa anthu otere: kodi munthu wokana banja mwadala walakwira abale ake?

Chifukwa chake makolo amaumiriza

Si bwino kuyamba ndi kunyoza makolo, pakuti kuumiriza kwawo kuli ndi mizu. Pa mwambo wa Achewa, mwamuna akakwatira amapita kukakhala kwa mkazi, ndiwo mwambo wa chikamwini. Mkamwini amamanga nyumba, amafolera denga, amaluka nkhokwe, amaswa mphanje, ndiponso amathandiza kumunda kwa apongozi ake. Ana obadwa m'nyumbamo amawerengedwa kwa mayi wawo, ndipo amakulitsa mbumba ya atsibweni, amene ena amati amalume. Mwini mbumba wokhala ndi alongo ambiri ndi adzukulu ambiri ndiye amamveka mawu pabwalo. Chotero mkazi mmodzi akakana kukwatiwa, mudzi umaona kuti wataya manja a mkamwini, wataya ana, ndipo wataya chibale chimene chikadamangidwa ndi mudzi wina kudzera mwa ankhoswe.

Makolo ali ndi mantha enanso, ndiwo a ukalamba. Kumudzi munthu akafooka amadyetsedwa ndi ana ake ndi adzukulu ake. Mayi akamalira kuti mwana wake akwatiwe, kawirikawiri mumtima mwake akufunsa kuti, “Ine ndikadzapita, adzamtungira madzi ndani?” Mantha amenewa ndi a chikondi, ndipo munthu wanzeru sawaseka.

Chitsanzo cha mayi wosoka

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, koma chofanana ndi zimene zimaoneka m'midzi. Pali mayi wa zaka 32 amene ali ndi makina osokera pakhonde la sitolo, ndiponso munda wa maekala 2 umene anapatsidwa ndi amayi ake. Amuna atatu anamfunsira, ndipo onse anawabweza mwaulemu. Sanawapeze ndi choipa chilichonse, koma mtima wake sufuna banja. Tsopano wabwera wachinayi, munthu wachuma, ndipo atsibweni ake amuitanitsa.

Atsibweniwo akuti, “Mwana wa mlongo wanga, mutu umodzi susenza denga. Nyumba yako adzafolera ndani? Mbumba yanga idzakula bwanji? Nanga ukadzakalamba udzatsamira yani?”

Iye atagwada akuyankha kuti, “Atsibweni, mawu anu ndawamva, ndipo sindikuwapeputsa. Koma mundilole ndiyankhe limodzilimodzi.”

Pa za denga ndi munda, yankho lake ndi losavuta. Nthawi ya Khirisimasi ndi yotsegulira sukulu amasoka madiresi ndi mayunifolomu ambiri, ndipo ndalama zake amalemba aganyu olima ndi omweta udzu. Chaka chabwino amakolola matumba 18 a chimanga. Iye yekha sangathe kudya ngakhale theka lake, motero otsalawo amadyetsa amayi ake okalamba ndi ana awiri amasiye a mchemwali wake. Ntchito imene akadagwira mkamwini yagwiridwa, ndipo palibe wagona ndi njala.

Pa za mbumba, nzoona kuti iye sadzabereka. Koma ana awiri amasiyewo ndi a mbumba yomweyo, ndipo ndiye amawaveka, kuwagulira makope, ndi kuwalanga akalakwa. Mbumba imakula ndi kubala, koma imalimba ndi kulera. Mudzi umene uli ndi obala okhaokha, wopanda munthu wa manja omasuka woti atole ana amasiye, umavutika tsiku la maliro.

Pa za ukalamba ndi pamene pali povuta, ndipo mayiyu sayenera kudzinyenga. Ana olera akhoza kudzamkumbukira, akhozanso kudzamuiwala. Matenda akadza usiku, m'nyumba mulibe womuyatsira nyale. Uwu ndi mtengo weniweni wa umbeta, ndipo wosankha umbeta ayenera kuudziwa ndi kuukonzekera: amange nyumba yake pafupi ndi abale, asunge mbuzi kapena kandalama, ndipo asasowe pamaliro ndi pamatenda a anzake. Komabe atsibweni nawonso akudziwa kuti ukwati sulonjeza zimene iwo akufuna. M'mudzi momwemo muli akazi amasiye, muli osiyidwa ukwati, muli ndi nkhalamba zimene ana awo anapita kutauni osatumiza ngakhale mchere.

Ngongole yeniyeni

Poyang'ana mayankho atatuwa, chinthu chimodzi chikuoneka poyera. Munthu aliyense ali ndi ngongole kwa abale amene anamlera. Ngongoleyo ndi ya ntchito, ya chakudya, ya kusamala ana ndi okalamba, ndi ya kupezeka pa tsiku la tsoka. Ukwati ndi njira imodzi yobwezera ngongoleyo, ndipo kwa anthu ambiri ndi njira yabwino ndi yokondweretsa. Koma njira si ngongole. Wobwereka thumba la chimanga akabweza thumba lodzaza, mwini wake safunsa ngati labwera pangolo kapena pamutu.

Ndiponso ukwati uli ndi chinthu chimene abale sangapereke m'malo mwa mwini wake, ndicho kuvomera. Ankhoswe akhoza kukambirana, chikole chikhoza kulandiridwa, mowa ukhoza kufululidwa, koma wokalowa m'nyumbamo ndi munthu mmodzi, ndipo adzakhalamo usana ndi usiku anthu a phwando atabalalika. Mkazi akavomera chifukwa chotopa ndi mawu, olakwiridwa amakhala awiri. Woyamba ndi iye mwini. Wachiwiri ndi mwamuna uja, amene akuyesa kuti wapeza womkonda, chonsecho wapeza wongothawa manyazi. Ndipo ana obadwira m'nyumba yozizira chotero amakula akumva kuti china chake chikusowa. Milandu ya banja lotere imabwerera kwa ankhoswe omwe aja amene analiumiriza.

Malamulo a dziko la Malawi amagwirizana ndi mfundo imeneyi. Malamulo aakulu a dziko, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, amanena m'gawo 22 kuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira kukwatira, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu aja anakonzedwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo limangoletsa kukoka munthu ndi dzanja. Silingathe kuletsa kuseka kwa kuchitsime kapena kuusa moyo kwa mayi, ndipo zimenezi nthawi zina zimakoka kwambiri kuposa chingwe. Apa ndi pamene pafunika chikumbumtima cha abale.

Kodi umbeta ndi chinthu chachilendo?

Ena amati kukhala wosakwatira ndi mwambo wobwera. Koma makolo akale anali nawo malo a anthu otere. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wa mvula amene ankayang'aniridwa ndi Makewana. Mayi ameneyu sankakhala pabanja monga akazi ena, ndipo atsikana omtumikira, otchedwa matsano, sankakwatiwa pamene anali pa ntchitoyo. Anthu sankawanyoza, koma ankawaopa ndi kuwalemekeza. M'Baibulo namonso, buku la Genesis limayamika ukwati, koma mtumwi Paulo, m'mutu 7 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto, anaphunzitsa kuti kukwatira nkwabwino ndipo kusakwatira nkwabwinonso, aliyense monga mwa mphatso yake. Ansembe ndi asisitere a mpingo wa Katolika amakhala osakwatira, ndipo anthu amawapatsa mpando.

Tsono nchifukwa chiyani mudzi umalemekeza sisitere nkumaseka mayi wosoka? Nchifukwa chakuti chifukwa cha sisitere chimaoneka ndi chovala chake, pamene cha mayi wosoka chili mumtima. Koma munthu sakakamizidwa kuonetsa mtima wake pabwalo kuti aloledwe kukhala mwamtendere.

Kusiyanitsa kusankha ndi kuthawa

Si umbeta uliwonse umene uli woyamikika, ndipo abale ali ndi ufulu wofunsa. Zilipo zizindikiro zothandiza. Wosankha moona amalankhula za ukwati wa anzake mosawawidwa mtima, amavina pa ukwati wa mng'ono wake, ndipo yankho lake silisintha chaka ndi chaka. Wothawa amakwiya kapena kunjenjemera nkhaniyo ikatchulidwa. Mwina anaona amayi ake akumenyedwa, mwina wina anamchita choipa ali wamng'ono. Wotereyu afunika munthu wachifundo womumvetsera, monga azakhali kapena mlangizi wa kumpingo, ndipo kumkankhira kwa mwamuna nkuthira mchere pachilonda.

Aliponso wachitatu, amene amakana goli la banja koma nafuna zokoma zake. Mwamuna wopereka mimba uku ndi uku osalera ana, kapena munthu wopasula mabanja a eni ake, sangabisale kumbuyo kwa mawu akuti ufulu. Mwamuna wa zaka 40 amene amadya nsima kwa mlongo wake tsiku ndi tsiku, osabweretsa ufa kapena nkhuni, nayenso ali ndi mlandu. Mlandu wake si wa kusakwatira ayi, koma wa kudya thukuta la mnzake.

Chigamulo

Atsibweni a mayi wosoka uja ali ndi udindo wolangiza, ndipo achita bwino kufunsa mafunso awo atatu. Akamva mayankho, chotsala nchakuti abweze mwaulemu anthu a mwamuna wachuma uja, ndi kuuza a m'mudzi kuti nkhaniyo yatha. Akatero, amayi a kuchitsime adzatopa okha. Ndipo tsiku lokamba za munda, za maliro, kapena za sukulu ya ana amasiye aja, mayiyo aitanidwe ndi kupatsidwa mphasa pakati pa akuluakulu, pakuti katundu wa akulu akumsenza kale. Mbeta yothandiza abale ake ilibe mlandu. Koma mbale wokankhira mnzake m'nyumba imene saifuna, iye ndiye adzafunsidwe nyumbayo ikadzagwa.