Kodi Nkulakwa Kupempha Nthawi ya Munthu Wotanganidwa?

Katekisiti wa ku nthambi yakutali afuna wansembe woti azimulangiza pa moyo wake wauzimu, koma achita manyazi. Wansembeyo ali ndi nthambi zambiri, odwala omuitana usiku, ndi sukulu zoyendera. Kodi kumupempha ola limodzi pa mwezi sikulanda nthawi ya anthu ena?

Manyazi amenewa ali ndi chifukwa, pakuti nthawi ya wansembe ili ya mpingo wonse. Komabe chimene chitopetsa mtsogoleri ndicho kufika kwa anthu mosapangana. Mu Eksodo 18, Yetero anapeza Mose ataunjiridwa ndi anthu kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo anamlangiza kuti aikonze bwino ntchitoyo, osati athamangitse anthuwo. Munthu wogwira wansembe pakhomo la tchalitchi Lamulungu lililonse adya nthawi yochuluka kuposa wobwera pa tsiku lopanganidwa.

Tsono katekisitiyo apemphe poyera, natchule muyeso wa chimene afuna: ola limodzi, Lachisanu loyamba la mwezi, itatha Misa ya m'mawa, kwa miyezi 6. Atchulenso kuti ngati Bambo sangathe, amlozere wina. Mawu otsirizawa ali ofunika, chifukwa pempho losasiya mpata wa kukana lasanduka msonkho. Miyezi 6 ikatha, onse awiri aone ngati apitirize, ndipo wina akafuna kuleka palibe mlandu.

Apanganenso za tsiku lolephereka. Maliro adzagwa, mitsinje idzadzaza mu Januwale. Tsiku likaphonyeka, aike lina sabata yotsatira. Akangoti "tidzaonana," mwezi wachitatu sufika chinthucho chitafa. Katekisiti abwere ndi nkhani imodzi kapena ziwiri zimene waziganizira kale, monga kuuma kwa mtima pa mapemphero kapena mkwiyo wake pa akatekumeni aulesi, nanene ngati anachita zimene analangizidwa mwezi watha. Za malipiro ake ndi zolakwa za anzake zili ndi nthawi yake ina. Ndipo adziwe kuti kucheza kumeneku si sakramenti la kulapa: wansembe asunge chinsinsi monga munthu wokhulupirika, koma wofuna kukhululukidwa machimo anene kuti tsopano afuna kulapa.

Malamulo nawo ali ndi malire. Yohana Woyera wa ku Chantal anali ndi mlangizi amene anamlumbiritsa kuti sadzamusiya, ndiponso sadzauza wina za mumtima mwake, ndipo mayiyo anasauka nazo kwambiri. Anakumana ndi Fransisko Woyera wa ku Sales mu Lenti ya 1604, koma Fransisko sanafulumire: anadikira kufikira Ogasiti asanavomere kumlangiza, ndipo anamuuza kuti malumbiro aja analibe mphamvu. Mlangizi akayamba kuletsa katekisiti kufunsa nzeru kwa wansembe wina, katekisitiyo ali ndi ufulu wa kutsazika mwaulemu.