Ndani Ayenera Kumaliza Mawu a Bambo Anga?

Uthengawo unandipeza ndili mu minibasi ya ku Ndirande, dzuwa litapendeka. Unali wochokera kwa bambo anga kumudzi ku Ntcheu, ndipo unali wa mawu atatu okha: "Amayi ako amw". Amayi anali atagona pamphasa sabata yathunthu ndi malungo. Munthu wolankhula Chichewa akaona zilembo zitatu zomalizazo safuna womuuza. Mtima umamaliza wokha. Ndinaimba foni kasanu koma sinkalowa, poti kwathu netiweki imapezeka pachulu pokha. Patatha mphindi makumi awiri, ine nditayamba kale kuwerengera ndalama za bokosi, kunabwera chidutswa chotsala: "a mankhwala ali b2ino".

Tsikulo ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndi umene unabala funso limene ndakhala nalo mpaka lero. Munthu wokalamba akamavutika kutulutsa mawu ake, kodi chifundo n'kumulanda cholembera kuti timulembere, kapena n'kupirira mawu ake oduka, pamodzi ndi mantha amene angatibweretsere?

Poyamba ndinasankha kumulanda. Ndinapangana ndi mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3, kuti agogo ake akafuna kunena kanthu azimuuza iye n'kumalemba. Mauthenga anayamba kubwera osalala, okhala ndi mpumiro ndi mpatuliro, ena mpaka m'Chingerezi. Koma anachepa. Kale bambo ankandilembera za mbuzi yothyoka mwendo, za mtengo wa feteleza, za maloto awo. Tsopano kunkangobwera "Tili bwino kuno, kaya inu." Patatha mwezi kunangoti zii.

Nditapita kumudzi ndinawafunsa ngati foni yawonongeka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe, ukudziwa chimene ndinaphunzirira kulemba?"

Bambo anapita ku Joni pa Wenela mu 1971 asakudziwa ngakhale kulemba dzina lawo, ndipo anabwerako boma litaletsa ulendowo mu 1974, ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown. M'komboni munali mwamuna wina wodziwa kulemba amene ankalembera anzake makalata Lamlungu. Umakhala pambali pake, anthu ena ali pamzere kumbuyo kwako, n'kumanena mokweza zimene ukufuna kuti mkazi wako amve. "Ndiye unganene chiyani pamenepo?" anatero bambo. "Umangoti ndili bwino, ndatumiza bulangete." Chaka chachiwiri anagula kope ndi pensulo, mnzawo wina n'kumawaphunzitsa usiku. Kalata yoyamba imene analemba okha inali yokhotakhota ngati mapazi a nkhuku, koma amayi anaisunga kufikira chiswe chinaidya.

Ndinachita manyazi. Popanda kudziwa, ndinali nditawabwezera pamzere uja wa m'komboni, ndipo mlembi wake tsopano anali mdzukulu wawo, amene mwamwambo sayenera kumva zonse za agogo ake.

Madzulo amenewo ndinachita chimene ndikanayenera kuyamba nacho: ndinakhala nawo pakhonde n'kuyang'ana mmene amalembera. Amagwira foni kumanzere, kutali ndi nkhope, n'kusakasaka chilembo ndi chala cha mkombaphala ngati munthu wotola nsabwe za nkhuku. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditadekha ndinaona kuti zolakwa zambiri zimene ndinkaziyesa ukalamba sizinali zawo konse.

Galasi la foni zamakonozi silimva mphamvu ya kudinikiza. Limamva kukhudza kwa khungu, chifukwa thupi la munthu limadutsitsa magetsi pang'ono, ndipo khungu louma, lokhakhala ndi mpini wa khasu, nthawi zina silimveka bwino. Chilembo chikakana kutuluka, bambo ankachita zimene aliyense wozolowera foni ya mabatani angachite: ankadinikiza kwambiri ndi kukhalitsapo. Koma pa kiyibodi yawo, ukakhalitsa chala pa chilembo cha mzere wapamwamba pamatuluka nambala. Pansi pa w pabisala 2, ndiye "bwino" uja n'kusanduka "b2ino". Komanso foniyo, imene mchemwali wanga anatumiza kuchokera ku Joni, inali yotcheredwa kukonza mawu m'Chingerezi, moti "moni" wa bambo inkamuyesa cholakwa n'kuikapo "mini".

Nanga uthenga uja wa mu minibasi? Mu WhatsApp muli posankha polembedwa "Enter is send". Pakakhala potsegula, batani la pansi kudzanja lamanja limatumiza uthenga nthawi yomweyo, ndipo batanilo lili pansi penipeni pa batani lofufutira. Bambo anafuna kulemba "amwa", chala n'kugwera pa s amene ali pafupi ndi a. Anafufuta s uja, koma dzanja lawo limanjenjemera, ndiye chala chinagundanso kachiwiri pansi pang'ono. Uthenga n'kunyamuka. Iwo anaona kuti wapita, anayamba kulemba chotsalacho, ndipo mphindi zija zimene ine ndinkalira mu minibasi iwo anali kusaka zilembo chimodzichimodzi kenaka n'kukwera pachulu.

Kukonza zonsezi sikunanditengere nthawi yophika nsima. Ndinatseka "Enter is send", ndinatseka "Auto-correction" pa kiyibodi, ndinakulitsa zilembo, ndipo ndinawauza kuti azigunda pang'ono ngati akugogoda pakhomo la apongozi, osati ngati akukhoma msomali. Ndinayesanso kuwakopa kuti azingojambula mawu n'kutumiza. Anakana. Anati pakhonde pamadutsa anthu, ndipo mawu olankhula amamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe. Apa sindinalimbane nawo.

Sindikufuna kunamizira kuti mlandu wonse unali wanga ndi wa foni. Mawu oduka amapweteka, ndipo wowalandira nayenso ndi munthu. Ndikanakhala wodwala mtima, zilembo zitatu zija zikanatha kundigwetsa. Ufulu wa bambo wolemba okha suwachotsera udindo woganizira amene akuwerenga, monganso mantha anga sankandipatsa chilolezo chowatseka pakamwa. Ndinawauza zimenezi mosabisa, ngakhale mwaulemu, ndipo anavomera. Tinagwirizana kuti nkhani ya matenda aakulu kapena maliro azikwera pachulu n'kuimba, kapena atume mwana aimbe. Zina zonse ndi zawo, alembe mmene angathere.

Chimene chimandivutabe ndi ichi. Pamene ndinkati ndikuthandiza bambo, ndinkathandiza yani? Mauthenga osalala aja anapepukitsa ine, osati iwo. Thandizo lotere ndi lofala pakati pathu ana ophunzira: timalanda foni m'manja mwa kholo n'kunena kuti "bweretsani ndikuchitireni", chifukwa kuchita n'kwachangu kuposa kudikira. Timaiwala kuti anthu omwewa anatidikira ife tikuti "mbu" pofuna madzi, ndipo sanaitane mwana wa mnansi kuti azitilankhulira. Komabe fanizoli lili ndi polekezera, ndipo polekezera pakepo ndi pamene pamandiwawa. Mwana amadikiridwa chifukwa mawa adzalankhula bwino. Bambo anga ali ndi zaka 77. Maso akuchita chifunga, dzanja likunjenjemera kuposa chaka chatha. Kuwadikira iwo n'kudikira kopanda lonjezo lakuti zidzasintha, ndipo tsiku lina mlembi adzafunikadi. Tsikulo likadzafika ndikufuna adzalitchule okha, ndi kusankha okha woti aziwalembera.

Pakali pano, m'mawa uliwonse pa foni yanga pamaoneka chizindikiro chakuti akulemba. Chimabwera, chimazimirira, chimabweranso, nthawi zina mpaka tiyi kuzizira. Dzulo, chitavina chotero kwa nthawi ndithu, kunafika mawu akuti: "Mbuzi ija yabeleka awiri. Amayi ako akuti ubwele udzao".